Kukana kawiri ndi kasanjidwe ka mafunso m'Chisipanishi: kukonza zolakwa zochokera ku Chingerezi

Ambiri mwa ife timayamba kuphunzira Chisipanishi titadutsa kale m'kalasi ya Chingerezi, momwe tinaphunzitsidwa zinthu ziwiri mpaka zinakhazikika m'mutu. Choyamba n'chakuti mawu awiri okana sayenera kukhala m'chiganizo chimodzi, chifukwa amafafanizana n'kusanduka kuvomera. Chachiwiri n'chakuti funso limafuna mneni wothandizira amene amatsogola mwininkhani, monga do kapena did. Malamulo awiriwa ndi olondola m'Chingerezi cha m'mabuku, koma akalowa m'Chisipanishi amabala zolakwa zimene zimabwerezabwereza ngakhale kwa wophunzira amene mawu akuwadziwa ochuluka. Zolakwazo zimaoneka ngati zamitundumitundu, koma pafupifupi zonse zimakonzeka ndi chizolowezi chimodzi: kupeza mneni wa chiganizo, kenako kuyang'ana chimene chaima patsogolo pake penipeni.

Chizindikiro choyamba: mwachotsa "no" poopa kukana kawiri

Wophunzira akafuna kunena kuti sanaone munthu aliyense, amadziwa kuti *nadie* ndi mawu okana ndipo *no* ndi mawu okananso, choncho amasankha amodzi. Ena amalemba *Vi a nadie*, ena amalemba *No vi a alguien*. Chiganizo choyamba n'cholakwika kotheratu, ndipo mwini chilankhulo amachimva ngati chaduka mutu. Chachiwiri sichinena zimene wolembayo ankafuna, chifukwa *alguien* amaloza munthu wina amene alipo, ndiye womvera akhoza kuganiza kuti pali munthu winawake amene simunamuone. Cholondola ndi *No vi a nadie*, mawu okana onse awiri ali m'malo mwake, ndipo tanthauzo lake ndi kukana kumodzi kokha.

Lamulo lake ndi ili. Chiganizo chokana cha Chisipanishi chimafuna kuti patsogolo pa mneni pakhale mawu okana. Mawu monga *nada* (palibe kanthu), *nadie* (palibe munthu), *nunca* ndi *jamás* (palibe nthawi), *ninguno* (palibe n'chimodzi chomwe), *tampoco* (ngakhalenso) ndi *ni* ali ndi ufulu woima mbali iliyonse ya mneni, koma mbali imene aimayo ndiyo imagamula za *no*. Akaima pambuyo pa mneni, malo a patsogolo amatsala opanda kanthu, choncho *no* ayenera kubwera kudzawatseka: *No vino nadie*, sipanabwere munthu aliyense. Akaima patsogolo pa mneni, malowo atsekedwa kale, choncho *no* safunikanso: *Nadie vino*. Ziganizo ziwirizi zikunena chinthu chimodzi. N'chimodzimodzi ndi *No como carne nunca* ndi *Nunca como carne*, zonse zotanthauza kuti sindidya nyama n'komwe.

Apa pamabuka vuto lachiwiri, lomwe limagwira makamaka wophunzira wakhama. Akangomva kuti Chisipanishi chimalola kukana kawiri, amayamba kuika *no* paliponse, n'kulemba *Nadie no vino* kapena *Nunca no como carne*. Izi n'zolakwika m'Chisipanishi cha m'mabuku, chifukwa *no* sayenera kutsatira mawu ena okana amene aima kale patsogolo pa mneni yemweyo. Ndimauza ophunzira kuti asiye kuwerenga kuchuluka kwa mawu okana, chifukwa kuchulukako si nkhani. *Nunca le digo nada a nadie*, sindiuza munthu aliyense chilichonse, muli mawu okana atatu ndipo mulibe *no*, pakuti *nunca* wagwira ntchito yake. Mukasuntha *nunca* kupita kumbuyo, *no* amabwerera: *No le digo nunca nada a nadie*. Tsopano mawu okana akwana anayi, koma chiganizocho chikukanabe kamodzi basi.

Taonaninso kuti pakati pa *no* ndi mneni pamaloledwa kulowa timawu tolowa m'malo mwa mayina tokha, monga *me*, *te*, *se*, *lo*, *la*, *le* ndi *nos*. N'chifukwa chake timati *No lo vi nunca*, sindinamuonepo, osati kuika *no* pakati pa *lo* ndi *vi*. Mneni akakhala wa zigawo ziwiri, monga *he visto*, zigawozo sizilekanitsidwa: *No he visto nada* ndi *Nunca he visto eso* ndi zolondola, koma *He nunca visto eso*, chomwe ndi kasanjidwe ka Chingerezi, si Chisipanishi.

Mbiri ya mawu imathandiza kuti izi zisaoneke ngati kusaganiza bwino. *Nada* anachokera ku mawu a Chilatini akuti *res nata*, kutanthauza chinthu chobadwa, ndipo *nadie* anachokera ku mawu a tsinde lomwelo onena za anthu obadwa. Poyamba sanali mawu okana mwa iwo okha, ankangotsindika kukana, ngati mmene ife timanenera kuti "sindinaone kanthu" kapena "sindinakumane ndi munthu". Palibe Mchewa amene amamva "sindinaone kanthu" n'kuganiza kuti ndaona china chake. Chingerezi nachonso chinkaunjika mawu okana m'nthawi zakale, ndipo anthu ambiri amaterobe polankhula mpaka lero. Lamulo lakuti kukana kuwiri kumafafanizana linafala kudzera m'mabuku a galamala a m'zaka za m'ma 1700, monga la Robert Lowth la mu 1762. Ndi lamulo la Chingerezi cha kusukulu, osati la zilankhulo zonse. Amene anakulira kumbali ya Tete n'kuphunzira Chipwitikizi sapunthwa pamenepa, chifukwa *não vi nada* n'chimodzimodzi ndi *no vi nada*.

Msampha wa mawu oti "chilichonse"

Pano ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe ngakhale ophunzira amene afika patali amagwabe. Chingerezi chili ndi mawu amodzi, anything, amene amagwira ntchito m'funso, m'kukana ndiponso posonyeza kuti munthu sakusankha. Chichewa chathu chimachita zofanana ndi "chilichonse". Chisipanishi chimagawa ntchito zitatuzi kwa mawu atatu osiyana, ndipo buku lomasulira mawu limangowandandalika onse osanena nthawi yogwiritsa ntchito aliwonse.

M'funso losakana, mawu ake ndi *algo*: *¿Viste algo?*, kodi unaona chilichonse? M'kukana, mawu ake ndi *nada*: *No vi nada*. Posonyeza kusasankha, mawu ake ndi *cualquier cosa*: *Como cualquier cosa*, ndimadya chilichonse chimene chapezeka. Choopsa n'chakuti *cualquier cosa* akalowa m'chiganizo chokana sapanga chiganizo cholakwika chimene wina angakukonzereni, koma amapanga chiganizo cholondola cha tanthauzo lina. Mlendo wodwala m'mimba amene akufuna kunena kuti sakudya kanthu ayenera kuti *No como nada*. Akanena kuti *No como cualquier cosa*, wauza mwininyumba kuti iyeyo sadya chisawawa, amasankha zakudya, ndipo mawu amenewa patebulo la eni ake akhoza kumveka ngati matama. Magawidwe omwewa alipo pa anthu: *¿Vino alguien?*, *No vino nadie*, ndi *Cualquiera puede venir*, aliyense akhoza kubwera.

Pali malo ena amene *nada* ndi anzake amafunika ngakhale *no* sakuoneka. Mperekezi *sin*, wotanthauza "popanda", ali kale ndi kukana m'kati mwake, choncho timati *Salió sin decir nada*, anatuluka osanena kanthu. Poyerekeza zinthu, pambuyo pa *que* pamabweranso mawu okana: *Trabaja más que nadie*, amagwira ntchito kuposa wina aliyense, ndi *Está mejor que nunca*, ali bwino kuposa kale lonse. Wozolowera Chingerezi amaika *alguien* pamenepa, ndipo chiganizo chimasokonekera.

Za *ninguno* pali mfundo ziwiri zazifupi. Akatsogola dzina lachimuna la chinthu chimodzi amafupika kukhala *ningún*, ndi kamzere pamwamba pa *u*: *No tengo ningún libro*. Ndipo kawirikawiri amayenda ndi dzina la chinthu chimodzi ngakhale pamene Chingerezi chikananena zambiri, kotero *ningunos libros* si njira yozolowereka. Ngati simukufuna kutsindika, *No tengo libros* n'chokwanira.

Nanga *también*? Mnzanu akati *No tengo hambre*, ndilibe njala, yankho lomugwirizana nalo si *Yo también* koma *Yo tampoco*. Akati *No me gusta el frío*, sindikonda kuzizira, yankho ndi *A mí tampoco*, chifukwa mneni *gustar* amaika munthu wokondayo pambuyo pa *a*. *Tampoco* amamvera lamulo lomwe lija la malo: *Tampoco voy* kapena *No voy tampoco*.

Pamene kukana kuwiri kumafafanizanadi

Ndingakhale ndikusocheretsa owerenga nditanena kuti m'Chisipanishi kukana sikufafanizana konse. Kumafafanizana m'malo awiri odziwika. Oyamba ndi pamene *no* akumana ndi mawu okhala ndi kukana m'thupi mwake, monga *imposible*: *No es imposible* akutanthauza kuti n'zotheka ndithu. Achiwiri ndi pamene pali aneni awiri, aliyense ndi kukana kwake, m'nthambi ziwiri za chiganizo. *No hay nadie que lo sepa* akutanthauza kuti palibe amene akudziwa, pakuti *no* ndi *nadie* onse ndi a mneni *hay*. Koma *No hay nadie que no lo sepa* akutanthauza kuti palibe amene sakudziwa, ndiye kuti onse akudziwa, chifukwa *no* wachiwiriyo ndi wa mneni *sepa*. Chichewa chimachita chimodzimodzi, ndipo njira yoyesera ndi yosavuta: werengani aneni, kenako funsani kuti mawu okana aliwonse ndi a mneni uti. Onse a mneni mmodzi amagwirizana n'kukhala kukana kumodzi, pamene a aneni osiyana amawerengedwa paokhapaokha.

Chizindikiro chachiwiri: mafunso anu ali ndi mafupa a Chingerezi

Mafunso oyankhidwa ndi "inde" kapena "ayi" savuta kwenikweni, bola musiye kufunafuna mawu olowa m'malo mwa do. Mawu amenewo kulibe, ndipo mneni *hacer* sagwira ntchito imeneyo. *María habla inglés* ndi chiganizo chonena, pamene *¿María habla inglés?* ndi funso, kusiyana kwake kuli m'kakwezedwe ka mawu kumapeto. Mukhozanso kutsogoza mneni n'kuti *¿Habla María inglés?* kapena *¿Habla inglés María?*, ndipo zonsezi n'zololedwa. Kwa ife izi si zachilendo, pakuti "Mariya amalankhula Chingerezi" timalisandutsa funso pongokweza mawu kapena poika "kodi" patsogolo. Ndipotu mfunsiro wozondoka uja, ¿, amagwira ntchito yofanana ndi "kodi" m'zolembedwa: amachenjeza wowerenga kuti funso layamba. Bungwe la Real Academia Española, lomwe linakhazikitsidwa mu 1713, linalimbikitsa chizindikirochi m'malamulo ake a kalembedwe a mu 1754. Chimaikidwa pamene funso lenilenilo layambira, osati nthawi zonse kumayambiriro kwa chiganizo: *Si llueve, ¿vienes?*, ikagwa mvula, kodi ubwera?

Vuto lalikulu lili m'mafunso okhala ndi mawu ofunsira: *qué* (chiyani), *quién* (ndani), *dónde* (kuti), *cuándo* (liti), *cómo* (bwanji), *cuánto* (zingati) ndi *cuál* (chiti). M'Chingerezi, mawu ofunsira amatsatidwa ndi mneni wothandizira, kenako mwininkhani, kenako mneni weniweni. Wophunzira akauzidwa kuti mneni wothandizirayo kulibe, amangomuchotsa n'kusiya zotsalazo momwe zinalili, ndipo zimatuluka *¿Qué Juan compró?* ndi *¿Dónde tu hermano vive?* Apa mpamene chizolowezi chija choyang'ana patsogolo pa mneni chimathandizanso. Mawu ofunsira amafuna kugundana ndi mneni, choncho mwininkhani ayenera kuchoka pakati n'kupita kumbuyo: *¿Qué compró Juan?*, Juan anagula chiyani, ndi *¿Dónde vive tu hermano?*, mchimwene wako amakhala kuti. Zololedwa kuima pakati pawo ndi zomwe zija, *no* ndi timawu tolowa m'malo mwa mayina: *¿Qué no te gusta?*, *¿Cuándo lo compró Juan?*

Mneni akakhala wa zigawo ziwiri ndi *haber*, chiyeso cha Chingerezi chimakula, chifukwa tsopano mneni wothandizira alipodi, ndipo dzanja limafuna kuika mwininkhani pambuyo pake penipeni. *¿Qué ha Juan comprado?* n'cholakwika. Zigawo ziwirizo zimayendera limodzi, mwininkhani n'kubwera pambuyo pa zonse: *¿Qué ha comprado Juan?*

Ngati mukufunitsitsa kuyamba ndi mwininkhani, njira ilipo, koma muyenera kumutulutsa kunja, patsogolo pa mawu ofunsira: *Y tu hermano, ¿dónde vive?*, nanga mchimwene wako, amakhala kuti? Kalankhulidwe kameneka n'kofala kwambiri, ndipo sikaswa lamulo, pakuti *dónde* ndi *vive* adakali ogundana.

Lamuloli lili ndi malire awiri amene muyenera kuwadziwa kuti musasokonezeke mukawamva. *Por qué*, chifukwa chiyani, amalola mwininkhani kuima patsogolo pa mneni, moti *¿Por qué Juan no vino?* ndi *¿Por qué no vino Juan?* zonse zimamveka bwino. Ndiponso ku Cuba, Puerto Rico ndi Dominican Republic anthu amanena *¿Qué tú quieres?* ndi *¿Cómo tú estás?*, makamaka mwininkhani akakhala mlowam'malo waufupi ngati *tú*. Kumeneko ndi kalankhulidwe kabwinobwino ka eni dera. Malangizo anga kwa wophunzira ndi akuti azikamva ndi kukalemekeza, koma polemba ndi pa mayeso azitsata *¿Qué quieres?* kapena *¿Qué quieres tú?*, zimene zimalandiridwa kulikonse. Odziwa Chipwitikizi, amene chinawathandiza pa kukana, asamale pano, chifukwa Chipwitikizi chimalola mwininkhani kutsogola mneni m'mafunso ambiri, monga *O que é que o João comprou?*, ndipo chizolowezi chimenecho sichisamukira ku Chisipanishi cha m'mabuku.

Chichewa nachonso chili ndi kokokera kwake. Ife timasiya mawu ofunsira kumapeto: "unagula chiyani?", "ukupita kuti?" Wophunzira amene wathawa kasanjidwe ka Chingerezi nthawi zina amagwera m'kathu n'kunena *¿Compraste qué?* Chiganizochi chilipo m'Chisipanishi, koma kawirikawiri ndi funso la munthu amene sanamve bwino kapena wadabwa, ngati kunena kuti "wati unagula chiyani?" Funso wamba limatsogoza mawu ofunsira: *¿Qué compraste?*

Mperekezi satsala yekha kumbuyo

Chingerezi chimalola mperekezi kutsalira kumapeto kwa funso, mawu ofunsira atapita kutsogolo. Chisipanishi sichilola zimenezi ngakhale polankhula mwachisawawa. Mperekezi amanyamulidwa pamodzi ndi mawu ofunsira: *¿Con quién hablas?*, ukulankhula ndi ndani, *¿De dónde eres?*, umachokera kuti, *¿Para qué sirve esto?*, ichi ntchito yake n'chiyani. Kuti mudziwe mperekezi wofunika, yankhani funsolo mumtima kaye. Ngati yankho ndi *Hablo con Ana*, funso liyamba ndi *con quién*, ndipo ngati ndi *Soy de Lima*, liyamba ndi *de dónde*.

Mperekezi wamng'ono kwambiri, *a*, ndiye wonyamula katundu wolemera. Chisipanishi chimaika *a* patsogolo pa pamtherankhani akakhala munthu, n'chifukwa chake tinati *No vi a nadie* koma *No vi nada*. M'funso, popeza mwininkhani ndi pamtherankhani onse akhoza kuima pambuyo pa mneni, *a* yekhayo ndiye amasonyeza wochita ndi wochitiridwa. *¿Quién vio a María?* akufunsa kuti ndani anamuona María. *¿A quién vio María?* akufunsa kuti María anaona ndani. Wozolowera Chingerezi amadalira kasanjidwe ka mawu kuti asiyanitse ziwirizi, ndiye amawerenga zonse mofanana. Mukakumana ndi funso lotere, sakani *a* poyamba: amene wakhala naye ndiye wochitiridwa.

Funso lobisika m'chiganizo china

Aphunzitsi a Chingerezi amalimbikira kwambiri kuti funso likalowa m'kati mwa chiganizo china, mwininkhani abwerere patsogolo pa mneni. Wophunzira amene anamenyera nkhondo lamulo limeneli amalitenga n'kupita nalo ku Chisipanishi, n'kulemba *No sé dónde tu hermano vive*. Chisipanishi sichibwerera m'mbuyo choncho, kasanjidwe kamakhala komwe kaja: *No sé dónde vive tu hermano*, sindikudziwa kumene mchimwene wako amakhala, ndi *Dime qué compró Juan*, ndiuze chimene Juan anagula. Kamzere ka pamwamba pa *dónde* ndi *qué* sikachoka ngakhale palibe mfunsiro, ndipo kusiya kamzereko kumatha kusintha tanthauzo: *Sé qué compró* ndi "ndikudziwa chimene anagula", pamene *Sé que compró pan* ndi "ndikudziwa kuti anagula buledi". Funso la "inde" kapena "ayi" likabisika motere limalowa ndi *si* wopanda kamzere, ndipo iye amalola mwininkhani mbali iliyonse: *No sé si Juan vino* kapena *No sé si vino Juan*.

Kukonza ntchito imodzi mzere ndi mzere

Nachi chitsanzo cha mtundu wa ntchito imene ophunzira amalemba, kukambirana kwa mayi amene wataya chikwama pa siteshoni ya basi ndi wogwira ntchito pamalopo, yemwe akumulankhula mwaulemu ndi *usted*. Wophunzira analemba motere:

*¿Qué usted perdió?*
*Mi bolso. Vi a nadie cerca.*
*¿Quién usted viajó con?*
*Con nadie. Nadie no me acompañó.*
*¿Había algo de valor?*
*No había algo de valor.*
*¿Qué ha el conductor dicho?*
*Nada. No sé dónde el conductor está.*

Mu mzere woyamba mneni ndi *perdió*, ndipo patsogolo pake paima *usted* m'malo mwa *qué*. Tikasuntha mwininkhani zikhala *¿Qué perdió usted?* Mu wachiwiri mneni ndi *vi*, *nadie* ali kumbuyo, ndipo patsogolo palibe chokana chilichonse, choncho tiikapo *no*: *No vi a nadie cerca*. Mzere wachitatu uli ndi zolakwa ziwiri, mperekezi wotsalira ndi mwininkhani wotsekereza. Yankho la mumtima likhoza kukhala *Viajé con mi hija*, ndiye funso liyamba ndi *con quién*, kenako mneni, kenako mwininkhani: *¿Con quién viajó usted?*

Mzere wachinayi ndi wofunika kuuyang'anitsitsa, chifukwa theka lake n'lolondola. *Con nadie* alibe *no*, ndipo sakumufuna, pakuti mulibe mneni, ndiye palibe malo oti atsekedwe. N'chimodzimodzi ndi *Nada* wa mu mzere wotsiriza, yemwe ndi yankho lokwanira payekha. Ophunzira ena, atamva za *no* mobwerezabwereza, amayankha kuti *No nadie*, zomwe n'zosafunika pokhapokha pakati pakhale mpatuliro: *No, nadie*, ayi, palibe munthu. Theka lachiwiri lili ndi *no* wopitirira muyeso, ndipo likonzeka m'njira ziwiri, *Nadie me acompañó* kapena *No me acompañó nadie*.

Mzere wachisanu ndi wolondola, chifukwa ndi funso losakana ndipo *algo* ali pamalo pake. Wophunzirayo anangotengera *algo* yemweyo mu yankho, monga momwe Chingerezi ndi Chichewa zikanabwerezera mawu amodzi, koma yankho ndi lokana: *No había nada de valor*. Wachisanu ndi chiwiri walekanitsa *ha* ndi *dicho*, ndipo ukonzeka kukhala *¿Qué ha dicho el conductor?* Wotsiriza ndi funso lobisika, lomwe lifunika kukhala *No sé dónde está el conductor*.

Kuyankha funso lokana

Pali malo amodzi amene kukana ndi kufunsa zimakumana, ndipo pamenepa chimene chimatipunthwitsa si Chingerezi koma Chichewa chathu chomwe. Munthu akatifunsa kuti "simunadye?", ambiri timayankha kuti "inde, sindinadye", kuvomereza zimene wofunsayo wanena. M'Chisipanishi, yankho limatsata chimene chachitika osati mawu a wofunsa. Wina akati *¿No has comido?* ndipo inu simunadye, yankho ndi *No*, kapena mokwanira *No, no he comido*. *No* woyamba ndi "ayi" wa yankho, wachiwiri ndi uja wotseka malo patsogolo pa mneni, ndipo mpatuliro ndiwo umawasiyanitsa. Ngati mwadya, mumatsutsa ndi *Sí, sí he comido* kapena *Sí, ya comí*. Mlendo amene ali ndi njala akayankha *Sí* yekha, poganiza kuti wavomereza kuti sanadye, mwininyumba amamva kuti wadya kale ndipo mbale amaibweza.

Funso lokana limatenga mawu a gulu la *nada*, popeza *no* alipo kale patsogolo pa mneni: *¿No vino nadie?*, *¿No viste nada?* Komabe mudzamva eni chilankhulo akunena *¿No quieres algo?* popereka chakudya kapena chakumwa, ndipo sikulakwitsa. *No* ameneyu ndi wokopa chabe, ngati mmene timanenera kuti "simumwako tiyi?", ndipo wofunsayo akuyembekezera kuti mulandira. *¿No quieres nada?* ndi funso la munthu amene waona kale kuti mukukana ndipo akungotsimikizira. Amene sakufunadi kanthu amayankha mafunso onse awiriwo mofanana: *No, gracias, no quiero nada*.